Mwezi Umene Agogo Anaukana

Inu a masiku ano mukafuna kudziwa tsiku la chikondwerero mumangocheukira pakhoma, kalendala ili pomwepo, ina mpaka ya chithunzi cha sopo. Nthawi yathu kunalibe zimenezo. Tinali ndi agogo anga, mayi awo a amayi, ndi makwerero a thabwa opita padenga la nyumba yathu. Tauni yonse inkawatchula kuti Agogo a Padenga. Ndineneretu pano kuti ndinawasambitsa ndi kuwadyetsa mpaka tsiku lawo lomaliza, koma pa nkhani iyi yokha ine ndi iwo sitinamvanepo.

Nyumba yathu inali yosanja. Pansi panali shopu yanga yosokera: makina amodzi opalasa ndi phazi, tebulo lodulirapo nsalu, ndi simbi ya makala. Pamwamba panali zipinda ziwiri, china cha amayi, china changa ndi agogo. Denga linali la simenti, lathyathyathya, ndipo masana tinkayanikapo zovala. Dzuwa likamalowa, komanso m'bandakucha, linali la agogo. Ine ndinkakwera nawo chifukwa mawondo awo anali atayamba kukana, osati chifukwa chokonda zakumwamba. Ndinali mzimayi wamkulu kale, wa ntchito yanga, koma munthu ukaima pafupi ndi chinthu zaka zambiri umachidziwa ngakhale usakufuna.

Chikondwerero chathu chinkachitika kamodzi pachaka, mwezi uli wathunthu. Ndi nthawi yokhayo imene amuna ogwira ntchito kutali ankabwera kwawo, kudzadya ndi abale, kenako n'kutsala masabata awiri kuthandiza kukolola m'minda ya kunja kwa tauni. Funso la chaka chilichonse linali lakuti, mwezi wake uti? Woyankha anali agogo.

Ntchito yawo inkayenda chonchi. Mwezi ukafa umasowa masiku awiri, nthawi zina atatu. Kenako umakhala, kutanthauza kuti umaonekanso, kumadzulo, dzuwa litangolowa kumene, kakang'ono ngati chikhadabo chowengedwa. Sukhalitsa ayi. Ukati ukatereke kaye madzi pamoto, pobwera upeza walowa. Madzulo amenewo ndiye tsiku loyamba. Kuchoka pamenepo, madzulo alionse pa nthawi yomweyo umaupeza wasunthira chakum'mawa, ndipo agogo ankayeza potambasula mkono: chibakera chimodzi ndi kachidutswa. Mbali yowala imayang'ana kumene dzuwa lalowera. Pakatha sabata umakhala theka, uli pamwamba dzuwa likamalowa. Pakatha masabata awiri umatuluka kum'mawa dzuwa likulowa kumadzulo, ndiye wathunthu umenewo. Agogo ankatsimikiza m'mawa: mwezi ukalowa dzuwa lisanatuluke ndiye kuti sunadzaze, koma dzuwa likaupeza ukadali kumadzulo ndiye kuti wadzaza, wayamba ulendo wobwerera. Ukatero umachedwa kutuluka tsiku ndi tsiku, n'kumadyeka mbali imene inayamba kuwala ija, mpaka umatsala kachikhadabo kum'mawa m'bandakucha, kenako zii.

Mwezi umodzi umatenga masiku makumi atatu, kapena kuperewera limodzi. Kukakhala mitambo pa madzulo oyamba ouyembekezera, agogo sankalota. Ankangodzaza makumi atatu, lotsatiralo n'kuliyesa loyamba, chifukwa mwezi supitirira pamenepo.

Zimenezi ngakhale wopha nyama wa pakona ankazidziwa, munthu woti kumwamba ankayang'anako pokhapokha akamamwa tiyi. Chovuta chinali china. Miyezi khumi ndi iwiri siikwana chaka. Imaperewera masiku khumi ndi limodzi. Ukamangowerenga miyezi osasamala, chikondwerero chimabwerera m'mbuyo chaka ndi chaka, mpaka mudzapezeka mukuvina mbewu zikadali zaziwisi. Choncho pakapita zaka ziwiri kapena zitatu pamafunika kuwonjezera mwezi umodzi, ndipo chouza munthu kuti nthawi yowonjezera yakwana ndi Nsangwe, kagulu kaja ka nyenyezi zing'onozing'ono zothithikana ngati mchere wotayikira pansalu yakuda. Chaka chilichonse Nsangwe zimasowa mwezi ndi masiku, zitabisika m'kuwala kwa dzuwa. Kenako tsiku lina m'bandakucha zimaoneka kum'mawa, pansi penipeni, kanthawi kochepa kusanayere. Izo sizisuntha ndi mwezi, zimayenda ndi nyengo. Lamulo la agogo, limene nawonso analandira kwa azakhali awo, linali lalifupi: mwezi wa chikondwerero ndi woyamba kukhala Nsangwe zitatuluka. Mwezi ukafulumira, ukakhala Nsangwe zisanaoneke, umenewo ndi wowonjezera. Mumauleka udutse.

Ndiye pa madzulo a mwezi umenewo anthu ankasonkhana mumsewu kutsogolo kwa shopu yanga. Wophika buledi ankafuna kudziwa za ufa, wopha nyama za ng'ombe, ine za madiresi a anthu amene amabweretsa nsalu lero n'kufuna kuvala dzulo. Pankakhalanso a kondakitala a sitima, bambo wonenepa wa ndevu zoyera, amene ankanyamula uthenga kupita nawo kudoko kumene amuna ambiri a kwathu ankagwira ntchito yonyamula katundu. Agogo ankasuzumira pansi n'kunena mawu awiri okha, ndi uno, kapena si uno.

Chaka chimene ndikunenachi amayi anadwala. Chinayamba ngati chifuwa wamba, kenako anasiya kudya, kenako diresi limene ndinawasokera ndekha linayamba kuwalendewera ngati lobwereka. Adokotala anabwera kawiri. Ulendo wachiwiri anandiitanira pamakwerero n'kundiuza motsitsa mawu kuti ngati pali wachibale amene ali kutali, aitanidwe msanga, chifukwa iwo sakuona kuti amayi angapitirire mwezi ndi theka.

Wakutaliyo analipo: achimwene anga, mwana woyamba wa amayi, mwamuna yekhayo. Ankagwira ntchito kudoko kuja, ulendo wa masiku atatu pasitima. Anasainira ntchito ya zaka zingapo, ndipo wochoka popanda chilolezo ankagwidwa ndi apolisi n'kubwezedwa atamangidwa. Tinatumiza uthenga kawiri kudzera mwa a kondakitala. Kapitawo wawo anayankha kuti aliyense pamenepo ali ndi mayi wodwala, ndipo akati azimasula aliyense wotero, sitima za pamadzi azitsitsa katundu ndani? Chitseko chinali chimodzi basi. Mabwanawo za mwezi analibe nazo ntchito, koma anazolowera kuti kamodzi pachaka uthenga ukafika kuchokera kwa agogo, amuna a kwathu amamasulidwa onse pamodzi.

Amayi sankapempha zambiri. Ankangofuna kuona mwana wawo. M'mawa ndikawabweretsera phala ankandifunsa kuti mwezi wafika pati, ine n'kuwauza kuti ukutha, wotsatirawo ndi wachikhumi ndi chiwiri chichitikire chikondwerero chatha. Iwo ankawerenga pazala: mwezi ukhale, a kondakitala apite, masiku atatu, ena atatu pobwera. Ankamwetulira, n'kumwako masipuni awiri.

Koma ine mtima unali m'mwamba, chifukwa kuwerenga kwina ndinkakudziwa. Chaka chapitacho mwezi wa chikondwerero unakhala patangopita sabata imodzi Nsangwe zitatuluka. Pa sabata imodzi muchotsepo masiku khumi ndi limodzi, muona nokha. Chaka chimenechi mwezi unali woti ufulumira. Agogo ankadziwa zimenezi kuyambira kalekale, amayi asanayambe n'kutsokomola komwe, ndipo n'chifukwa chake masiku amenewo ankatafuna chakudya ngati akutafuna chikopa.

Chiyembekezo chinalipo pang'ono. Kumwamba kukayera bwino, kopanda fumbi, maso akuthwa amatha kuziona Nsangwe tsiku limodzi kapena awiri msanga. Mwezi nawo ukhoza kuchedwa tsiku limodzi. Choncho tinayamba kukwera m'bandakucha uliwonse, tambala atangolira kachiwiri, titafunda mabulangete. Agogo ankaima pakona pamene panali thanki ya madzi, n'kuyang'ana pakati pa chumuni cha wophika buledi ndi mtengo wautali wa kusiteshoni, chifukwa Nsangwe zinkatulukira pamenepo chaka chilichonse. Ankandiuza kuti ndisayang'ane ndendende pamalopo, ndiyang'ane chapambali pang'ono, chifukwa kuwala kofooka kumagwidwa ndi ngodya ya diso. Ndikayamba kuponda-ponda ankandikumbutsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinadekha mpaka misozi kutuluka ndi kuzizira. Tinkangoona mwezi wakale, wowonda tsiku ndi tsiku, ukutsikira kumene dzuwa limatulukira. Tsiku lina sunaonekenso. Nsangwe nazo panalibe.

M'mawa womaliza, mwezi uti ukhale madzulo ake, kunayera bwino kwambiri. Tinaima mpaka nyenyezi zikuluzikulu zinazimirira, mbalame n'kuyamba phokoso. Pamenepo ndinalankhula. Ndinawauza kuti padengapo tili awiri okha, ndipo m'tauni yonse mulibe wina wodzuka nthawi imeneyo kukafuna tinyenyezi tosaoneka bwino. Ndinati akanena kuti aziona, ine ndivomera kuti ndaziona nane, ndipo nkhaniyo tidzapita nayo kumanda.

Agogo anapinda bulangete lawo pang'onopang'ono. Anati amuna aja akabwera mwezi uno adzabwerera kudoko mbewu zisanaume, ndiye akazi amasiye ndi nkhalamba adzakolola ndi ndani? Ndinayankha kuti kusiyana kwake ndi masiku ochepa chabe. Anati masiku ndi ochepadi, koma malire akasuntha kamodzi sakhalanso malire, ndipo chaka chamawa adzaperewera ena khumi ndi limodzi pamwamba pa amenewa. Zonsezo ndinali ndi mayankho ake. Pakamwa panga sipanasowepo yankho. Koma kenako ananena za wophika buledi.

Zaka zingapo m'mbuyomo, m'chaka chinanso chowonjezera, mkazi wa wophika buledi anakwera makwerero omwewa, n'kugwada padenga lomweli. Mwana wawo wamkazi anali kudwala mwakayakaya, ndipo mwamuna wa mwanayo anali kudoko. Agogo anamukaniza. Mwanayo anamwalira osamuona mwamuna wake.

"Ndinakaniza mwana wa mwini," anatero agogo. "Lero ndivomere chifukwa ndi wanga? Mayi uja ndizikumana naye bwanji pamsewu?"

Ndinawauza kuti mkazi wa wophika buledi akhoza kumvetsa, nayenso ndi mayi. Anati n'zoona akhoza kumvetsa, ndipo chimenecho ndiye choipitsitsa.

Ndinatsika ndekha, kuwasiya atsike okha ndi mawondo awowo. Ndinakalowa kwa amayi n'kuwauza zonse, osabisa kanthu. Inde ndinachitira dala, ndipo ndikhoza kuteronso. Ndinkaganiza kuti chimene mdzukulu walephera, mwana wobereka okha akhoza kuchitha.

Agogo atalowa, amayi anadzikoka n'kutsamira khoma. Sanalire. Anawagwira agogo dzanja ngati mwana wamng'ono pamsika.

"Amayi, chibadwire changa sindinakupemphenipo kanthu pa ntchito yanuyi. Ndikudziwa lamulo. Koma mwezi winawo sindiufika. Ndikumva m'thupi mwanga."

Agogo anakhala pamphepete pa bedi. Anawakonza amayi mpango kumutu, n'kuwapukuta pakamwa ndi nsonga ya nsalu yawo.

"Uufika, mwana wanga. Ndikhala nawe pano. Tiziwerenga limodzi."

Amayi anasiya dzanja lija, n'kutembenukira kukhoma.

Madzulo anthu anasonkhana. Onse ankadziwa za matenda a m'nyumba mwathu, choncho kunalibe nthabwala za masiku onse. Ngakhale wopha nyama, amene chaka chilichonse ankafuula kuti agogo afulumire ng'ombe zake zikuonda, anangoima manja kumbuyo. Ine sindinakwere. Ndinaima pakhomo la shopu, sizasi ili m'manja, ndipo mwezi ndinauona ndili pomwepo, pamwamba pa madenga a kumadzulo, kuthambo kukadali kofiirira. Unali woonda, wooneka bwino, wosakayikitsa. M'mtima ndinkapemphera kuti nkhalamba ija iname kamodzi kokha m'moyo wake.

Agogo anasuzumira.

"Wakhala," anatero. "Koma si uno."

Anthu anabalalika mwakachetechete. A kondakitala anavula chipewa, n'kundiyang'ana, n'kuchivalanso. Mkazi wa wophika buledi ndiye anatsala. Anabwera pakhomo n'kundiuza kuti agogo akadanena kuti ndi uno, iye sakadatsegula pakamwa, chifukwa mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ankafuna kunditonthoza, koma ine mawu amenewo anandibaya kuposa onse.

Nsangwe zinatuluka patapita masiku anayi. Ndikudziwa chifukwa agogo anapitiriza kukwera okha m'bandakucha, akukwawa pamakwerero ndi manja ndi mawondo, ine ndili gone ndikuwamva, osadzuka. Tsiku limenelo anatsika n'kunena ali pakhomo la chipinda kuti zatuluka. Mwezi wonsewo ndinkangolankhula nawo za mankhwala ndi zochapa.

Zimene analonjeza amayi anachitadi. Anasamukira m'chipinda chawo, n'kumagona pamphasa pafupi ndi bedi. Anandiuza tikokere bedilo pafupi ndi zenera kuti amayi aziona kumwamba. Madzulo alionse ankawauza pamene mwezi wafika: lero chibakera china, lero theka, taona wayamba mimba. Ankawanyengerera phala ngati khanda, sipuni iyi ndi ya lero, iyi ndi ya mawa. Poyamba amayi sankayankha. Kenako anayamba kumafunsa okha, chifukwa munthu wodwala alibe mphamvu zosungira mkwiyo. Imeneyo ndi ntchito ya ife athanzi.

Tsiku limene mwezi wowonjezerawo unadzaza, amayi anadzuka bwino modabwitsa. Anamwa tiyi kapu yathunthu, anapempha kuti ndiwapese tsitsi, mpaka anandinyoza kuti kolala ya diresi limene ndinkasoka ndi yokhota. Dzuwa likulowa, mwezi unatuluka kuseri kwa siteshoni, waukulu, wofiira. Amayi anauyang'ana, ndipo ananena mosakwiya, ngati akungonena za nyengo:

"Bwenzi lero ali pano. Ndipo bwenzi atandipeza ndili bwino."

Agogo anali akufinya kansalu m'beseni. Anapitiriza kukafinya ngakhale madzi anali atatha kalekale.

Kuyambira pamenepo amayi anayamba kutsika. Mwezi unkachedwa kutuluka, iwo n'kumagona usanatuluke, choncho agogo ankawaonetsa m'mawa, uli mbuu kuthambo la masana. Ankawauza kuti watsala pang'ono, ungofa, usowe masiku awiri, ukhale, basi a kondakitala anyamuka. Amayi anayesetsa, ndikuchitira umboni. Ndinawaona akumeza madzi mokakamiza, maso ali pazenera. Anafika mpaka pamene mwezi unatsala kachikhadabo m'bandakucha. Anamwalira m'mawa wa tsiku loyamba la mdima, dzanja lawo lili m'manja mwa agogo. Mawu awo omaliza omveka anali ofunsa ngati sitima yafika.

Tinawaika mawa lake. Tsiku lotsatira linali loyembekezera mwezi. Ine ndinkaganiza kuti palibe amene abwere, koma dzuwa litapendeka anthu anayamba kufika mumsewu mmodzimmodzi, mwamanyazi, osayang'ana kunyumba kwathu. Akanatani? Ufa unafunika kugulidwa, amuna awo anafunika kuitanidwa.

Agogo anadzuka pamphasa n'kulunjika kumakwerero. Anaponda loyamba, lachiwiri, n'kuima. Ndinawatsatira, osati chifukwa chowakhululukira, koma maliro awiri sabata imodzi sindikanawatha. Padenga anaima pamalo awo, n'kuyang'ana kumadzulo. Maso awo anali otupa ndi kulira, ofiira, akuchucha okha. Anapukuta, n'kuyang'ananso, n'kupukutanso. Kenako anandiuza kuti sakuona chilichonse, ndiwayang'anire.

Ndinaupeza msanga, chibakera chimodzi pamwamba pa pamene dzuwa linalowera, chakumbali pang'ono. Ndinawagwira mutu ndi manja awiri n'kuwalozetsa. Anati sakuuonabe, ndipo sanganene chimene sanaone. Anati ndinene ndine. Ndinakana. Anati ndiye anthu agona mumsewu.

Ndinapita m'mphepete mwa denga. Nkhope zonse zinali m'mwamba. Mawu aja akuti ndi uno ndinali nditawalakalaka mwezi wonse, ndipo tsopano anali owawa ngati mankhwala. Ndinawanena, anthu n'kumapita. A kondakitala anadikira kuti nditsike. Anandifunsa kuti akafika kudoko ayambe ndi uthenga uti, wa chikondwerero kapena winawo. Ndinawauza kuti ayambe ndi wa maliro, munthu asakagule mphatso pachabe.

Achimwene anafika ndi amuna ena onse, kutatsala sabata kuti mwezi udzaze. Kusiteshoni kunali nthungululu ndi kukumbatirana, koma iwo anadutsa pakati pa anthu ngati mlendo. Anapita kumanda kaye, okha. Masiku otsatira ankagona m'shopu, pansi pa tebulo lodulira nsalu, ndipo m'mwamba sanakwereko. Ankakhala pampando wa makasitomala kundiyang'ana ndikusoka madiresi a anthu. Agogo nawo sanatsike. Chakudya ndinkaperekera uku ndi uku ngati ndikusunga akaidi awiri.

Pa tsiku la chikondwerero penipeni, dzuwa litapendeka, msewu utadzaza fungo la nyama ndi phokoso la ana ovala zatsopano, achimwene anandifunsa kuti ndiwauze zonse mmene zinayendera. Ndinawauza. Sindinawonjezere, sindinachotsere. Atamva anadzuka n'kukwera, ine pambuyo pawo.

Agogo anali m'chipinda cha amayi, atakhala pabedi lopanda zofunda. Achimwene anaima pakhomo, osagwada, osapereka moni.

"Agogo, nyenyezi zanuzo zinachedwa masiku angati?"

"Anayi."

"Anayi."

"Inde, anayi. Ndipo tsiku limene chikondwerero chikanachitika iwe uli kuno, mayi ako anamwa tiyi, anapesa tsitsi, anaseka. Ukanawapeza ali bwino. Ndikukuuza ndekha kuti usadzamve kwa wina."

Achimwene anagwira chitseko. Ndinaona zala zawo, zala zokakala za munthu wonyamula matumba. Anafunsa ngati agogo akanachita mosiyana akanadziwa kuti zithera chonchi.

"Ndinkadziwa," anatero agogo. "Ndinamuuza kuti aufika, koma ndinkadziwa. Bodza limene ndinakana kuuza tauni ndinauza mwana wanga. Ukafuna kudana nane, udane nane pa zonse ziwiri. Usandichotsereko."

Ndinkayembekezera kuti achimwene akalipa, mwina kuphwanya kanthu, ndipo kunena zoona ndinkafuna atatero. Koma anangotsetsereka ndi chitseko mpaka kukhala pansi, bambo wamkulu wandevu, n'kuyamba kulira ngati mwana wosiyidwa pakhomo. Agogo sanapite kukawagwira. Ankadziwa kuti alibe chilolezo chimenecho. Anangokhala, manja pamiyendo, misozi ikutsika yokha.

Kunja ng'oma zinayamba. Anthu anafuula kuti watuluka, watuluka, ndipo ena ankaitana Agogo a Padenga kuti asuzumire, awathokoze, poti tsiku lagwa ndendende ngati zaka zonse. Kuwala kunayamba kulowa pazenera, kukwera pabedi, mpaka pamiyendo ya agogo. Iwo anasuntha miyendo, n'kundiitana ndi mawu otsika.

"Tseka zeneralo, mwanawe. Lero sindikufuna kuuona."

Ndinalitseka, n'kukokera katani. Tinakhala atatu mumdimamo mpaka ng'oma zinasamukira kumsewu wina.